Fayilo ikatuluka mu imelo imatsala ndi dzina lokha

Mukatsegula foda ya Downloads pa kompyuta ya mu ofesi iliyonse, mayina omwe mungapezemo ndi otere: `Document1.docx`, `Scan0003.pdf`, `IMG-20250630-WA0012.jpg`, `Lipoti (2).pdf`. Ambiri mwa mayinawa sanaperekedwe ndi munthu. Loyambalo ndi la pulogalamu yolembera makalata, lachiwiri ndi la makina osikanira mapepala, lachitatu ndi la WhatsApp. Nambala ili kumapeto kwa lachinayi imaikidwa ndi kompyuta ikaona kuti mufodamo muli kale mafayilo a dzina lomwelo. Amene anatumiza ankadziwa bwino zomwe zili m'katimo, n'chifukwa chake sanaone vuto. Vutolo limagwera wolandira.

Chimene ambiri sitiganizira n'chakuti fayilo yomwe taphatikiza ku imelo, yomwe m'maofesi timati atachimenti, sikhalitsa mu imeloyo. Wolandira amaitsitsa, n'kuiika mu foda ina, mwina n'kuitumiza kwa bwana wake pa foni. Ikatero, mutu wa imelo, dzina la wotumiza ndi mawu onse ofotokoza zimatsalira kumbuyo. Zili ngati matumba a chimanga kuchigayo: mwini wake akadali pomwepo palibe chosokoneza, koma akangochoka, thumba lopanda chizindikiro lafanana ndi ena onse.

Tiyerekeze ndi nkhani imodzi. Msungichuma wa gulu la alimi ku Dedza akutumiza lipoti la miyezi itatu, Epulo mpaka Juni 2025, kwa mayi wowerengera ndalama ku bungwe lomwe limawathandiza. Ali ndi zinthu zinayi: lipoti lolemba, tebulo la ndalama, malisiti omwe wawajambula, ndi sitetimenti ya kubanki. Mayiwo amalandira malipoti otere kuchokera ku magulu ambiri sabata yomweyo, ndipo pafupifupi gulu lililonse limatchula fayilo yake `Lipoti.pdf`. Dzina labwino liyenera kuyankha mafunso atatu omwe mayiwo angafunse atapeza fayiloyo ili yokha patapita miyezi: n'chiyani chimenechi, chachokera kwa yani, n'cha liti? Mayina a msungichuma uja angakhale otere:

```
01_Lipoti_Dedza_2025-06-30.pdf
02_Ndalama_Dedza_2025-06-30.xlsx
03_Malisiti_Dedza_2025-06-30.pdf
04_Sitetimenti_Dedza_2025-06-30.pdf
```

Nambala yakutsogoloyo ikunena dongosolo lowerengera, komanso imathandiza pokambirana pa foni: "tsegulani fayilo yachiwiri" ndi mawu osasokoneza. Ziro wayikidwa dala, chifukwa mapulogalamu ena posanja mayina amaika 10 patsogolo pa 2, poti amayang'ana chilembo choyamba chokha kenako chotsatira. Mawu onena za m'katimo abwera msanga pa chifukwa china. Pa sikirini ya foni dzina lalitali limadulidwa, ndipo mafayilo anayi onse akayamba ndi mawu ofanana monga dzina lonse la gulu, wolandira amaona mizere inayi yofanana ndendende. Chomwe chimasiyanitsa mafayilowo chikhale koyambirira.

Deti ndi pomwe pamafunika kufatsa. Kuno timalemba tsiku, mwezi, kenako chaka, pomwe ku America amayamba ndi mwezi. Choncho 03-04-2025 kwa ife ndi 3 Epulo, kwa iwo ndi 4 Malichi. Kalembedwe koyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, komwe kali m'muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 8601, kamachotsa chikayiko chimenechi. Kali ndi ubwino winanso womwe umaoneka malipoti akachuluka. Mukayamba ndi tsiku, kompyuta posanja mayina idzaika 31-03-2026 patsogolo pa 31-12-2025, lipoti la Malichi chaka chotsatira n'kubwera lisanafike la Disembala. Mukayamba ndi chaka, malipoti amandandalika okha monga momwe nthawi yayendera. Ndipo deti loika m'dzina la lipoti ngati ili likhale la nthawi yomwe lipotilo likunena, osati la tsiku lomwe mwatumiza, poti tsiku lotumiza imelo imasunga kale.

Muona kuti detilo lalekanitsidwa ndi timizere togona. Windows sivomera zizindikiro izi m'dzina la fayilo:

```
\ / : * ? " < > |
```

N'chifukwa chake 30/06/2025 singalowe m'dzina. Mipata, kachizindikiro ka mu ng' ndi chilembo cha ŵ zimaloledwa pa makompyuta ndi mafoni a masiku ano, koma malo ena a pa intaneti olandirira mafomu amazikana kapena kuzisandutsa zilembo zosawerengeka. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kungozipewa m'dzina la fayilo, n'kuzilemba moyenera m'kalata mwenimwenimo. Zilembo za kumapeto, monga `.pdf` ndi `.xlsx`, musazikhudze. Ndi zomwe zimauza kompyuta pulogalamu yotsegulira fayiloyo, ndipo kusintha `.docx` kukhala `.pdf` m'dzina sikusandutsa fayiloyo kukhala PDF, kumangochititsa kuti ikane kutseguka. Dzina limasinthidwa fayilo isanaphatikizidwe: pa Windows mumaisankha n'kudina F2, pa foni mumapita kosungira mafayilo n'kusankha Rename.

Malisiti aja akanatha kupita ngati zithunzi makumi awiri, chilichonse ndi dzina lake la kamera. Kuwasonkhanitsa mu PDF imodzi motsatira madeti kumapulumutsa wolandira ku ntchito yotsegula chimodzichimodzi, ndipo kumapereka manambala a masamba oti n'kuwatchula m'kalata.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Imelo zambiri zimangoti onani zomwe ndatumiza, basi. Mawu amenewa sauza wolandira kuti mafayilo ndi angati, ayambe iti, achite nayo chiyani. Msungichuma uja angalembe chonchi:

"Mayi, ndikhulupirira muli bwino. Ndatumiza mafayilo anayi a lipoti lathu la Epulo mpaka Juni. Muyambe ndi `01_Lipoti_Dedza_2025-06-30.pdf`, yomwe ikufotokoza ntchito yonse. Chomwe tikupempha kuti mutivomereze chili mu `02_Ndalama_Dedza_2025-06-30.xlsx`, pa tsamba lotchedwa Juni, mzere 14: tinagula mapaipi pa mtengo woposa womwe unali mu bajeti. Lisiti yake ili pa tsamba 7 la `03_Malisiti_Dedza_2025-06-30.pdf`. Fayilo yachinayi, `04_Sitetimenti_Dedza_2025-06-30.pdf`, ndi yongosunga. Zikomo kwambiri."

Kutchula kuti mafayilo ndi anayi kumaoneka kopanda ntchito, koma ndi njira yokhayo yomwe mayiwo angadziwire kuti imodzi yatsala. Akawerenga n'kupeza atatu, afunsa tsiku lomwelo, osati patatha mwezi pamene owerengera mabuku afika. Mayinawo alembedwa ndendende monga alili pa fayilo, chilembo ndi chilembo, ndipo njira yabwino ndi kukopera dzinalo n'kulimata m'kalata m'malo molilembanso pamanja. Kalata ikamati "bajeti" pomwe fayilo ikuti `Ndalama`, wolandira amayamba kukayika ngati pali fayilo ina yomwe sanailandire. Musadalirenso malo, monga kunena kuti "ili pamwambayo" kapena "yakumanzere". Pulogalamu ina imaonetsa mafayilo pamwamba pa kalata, ina pansi, ndipo ndandanda wake sufanana nthawi zonse. Komanso kalatayo yasiyanitsa fayilo yofuna chochita ndi yongosunga, n'kulozera tsamba ndi mzere weniweniwo. Munthu wotanganidwa akauzidwa mzere 14, amayankha lero. Akapatsidwa tebulo lonse kuti adzifufuzire, amaliika pambali.

Chovuta kwambiri chimabwera mawa lake, msungichuma atazindikira kuti m'tebulo muja anasiya ndalama za mafuta a galimoto. Akakonza n'kutumizanso ndi dzina lomwelo, kompyuta ya mayi aja idzasunga yatsopanoyo ndi `(1)` kumapeto kwa dzina, moyandikana ndi yakale. Patapita sabata, yomwe idzaoneke ngati yeniyeni ndi yopanda nambalayo, yomwe ndi yolakwika. Umu ndi momwe ndalama zimavomerezedwera pa tebulo lakale. Ena amathawira ku mawu monga `final`, kenako `final2`, kenako `final_final`, koma mawu otere amanama pakangopezeka cholakwa china. Nambala sinama: `02_Ndalama_Dedza_2025-06-30_v2.xlsx`, ndipo ikafunikanso ina idzakhala `v3`. Kalata yake inene zinthu zitatu momveka: kuti fayiloyi ikulowa m'malo mwa iti, chomwe chasintha, ndi choti achite ndi yakale. "Mayi, pepani, `02_Ndalama_Dedza_2025-06-30_v2.xlsx` ikulowa m'malo mwa yomwe ndinatumiza dzulo. Ndawonjezera mafuta pa mzere 18 wa tsamba la Meyi, ndipo chiwerengero chonse chasintha. Yadzulo ija muifufute. Mafayilo ena atatu sanasinthe." Atumize yokonzedwayo yokha. Kutumizanso zonse zinayi kumachititsa wolandira kufananiza mafayilo omwe sanasinthe n'komwe.

Palinso msampha wa kayendedwe ka imelo. Mukadina Reply, mafayilo a m'kalata yoyamba sapita nawo, koma mukadina Forward amapita. Choncho munthu wachitatu amene waonjezedwa pakati pa zokambirana amawerenga zoti aone tebulo, koma tebulolo alibe. Ngati m'kalatamo munalembedwa dzina lenileni la fayilo, amadziwa choti apemphe. Mu Gmail, amene anailandira kale angaipeze polemba izi m'malo ofufuzira:

```
filename:xlsx Dedza
```

Gmail imalola mafayilo osapitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo yoposa pamenepo imapita ngati linki ya Google Drive. Zikatero, nenani m'kalata kuti malisiti ali pa linki osati pa mafayilo ophatikizidwa, mutchulebe dzina lake, ndipo muonetsetse kuti wolandira wapatsidwa chilolezo chotsegula. Apo ayi adzawerenga mafayilo atatu n'kuganiza kuti yachinayi mwaiiwala. Kuiwala kwenikweni nako kumachitika. Gmail imachenjeza ikaona mawu a Chingerezi onena za fayilo yophatikizidwa pomwe palibe fayilo, koma polemba m'Chichewa musadalire chenjezo limeneli. Phatikizani mafayilo poyamba, mutsegule iliyonse kuti muone ngati m'kati mwake mukugwirizana ndi dzina, kenako mulembe kalata, ndipo adiresi ya wolandira muiike pomaliza kuti imelo isanyamuke isanathe.

Kufotokoza fayilo m'kalata kumatetezanso wolandira. Akuba a pa intaneti amakonda kutumiza imelo ya mzere umodzi yokhala ndi fayilo ya dzina losamveka, nthawi zina la mathero awiri monga `Invoice.pdf.exe`, yomwe ndi pulogalamu osati chikalata. Maofesi ambiri amaphunzitsa antchito awo kusatsegula fayilo yomwe sanaiyembekezere, ndipo imelo yanu yopanda mawu yokhala ndi `Scan0003.pdf` imaoneka chimodzimodzi ndi ya akubawo. Mayi wosamala akhoza kuisiya osaitsegula mpaka mutawaimbira foni, lipoti lanu n'kuwerengedwa ngati lochedwa.