Kabotolo kapepo kakadumpha mzere

Tiyerekeze kuti zotsatira za magazi zabwera kuchokera ku labotale: potaziyamu ali pa 8.5, kashiyamu wagwa mpaka 1.2. Mwa munthu wabwinobwino potaziyamu amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0, kashiyamu pakati pa 2.2 ndi 2.6. Ndi manambala otere mtima uyenera kukhala ukugunda mosokonezeka. Koma mwini magaziwo ali pabenchi, akucheza ndi mnzake, ndipo makina oyezera kagundidwe ka mtima sakuonetsa vuto.

Dokotala wozolowera ntchito amayamba wakayikira kabotolo.

Timabotolo totengera magazi timakhala ndi mankhwala mkati, ndipo mtundu wa chivundikiro umanena mankhwalawo. Kapepo, kamene amagwiritsa ntchito powerenga maselo a magazi kapena kuyeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV, kali ndi EDTA. Mankhwalawa amagwira kashiyamu kuti magazi asaundane, ndipo kawirikawiri amaikidwamo ali osakanikirana ndi potaziyamu. Kadontho ka magazi a m'kabotoloka kakalowa m'kabotolo koyezera mchere wa m'thupi, kamawonjezera potaziyamu n'kubisa kashiyamu. Magineziyamu nayenso amatsika. Potaziyamu wokwera yekha angachokere ku matenda a impso kapena ku maselo ofiira amene asweka potenga magazi, koma zonsezi zikachitikira pamodzi mwa munthu wooneka bwino, woyamba kumuganizira ndi EDTA.

Choopsa n'chakuti dokotala akakhulupirira manambalawo angapereke insulini ndi shuga kuti atsitse potaziyamu amene sanakwere n'komwe. Njira yake n'kutenganso magazi.

N'chifukwa chake timabotolo timadzazidwa motsatira ndondomeko, yomwe zipatala zambiri zinatengera ku bungwe la CLSI la ku America. Amayamba ndi mabotolo ofufuzira mabakiteriya m'magazi, singano isanakhudze zivundikiro zina. Kenako kabuluu, koyezera kuundana kwa magazi. Kofiira kapena kachikasu kamabwera pambuyo pake chifukwa kamakhala ndi mankhwala oundanitsa magazi msanga, amene angasokoneze kabuluu. Kobiriwira, ka hepalini, kamatsatira, ndiye kapepo, ndipo kotuwa koyezera shuga kamatsiriza.

Calam ndi Cooper analemba za vuto la EDTA mu 1982, koma akatswiri sagwirizana pa kukula kwake masiku ano. Kafukufuku wapambuyo pake anasonyeza kuti magazi akamalowa okha m'timabotolo totseka kuchokera mumtsempha, mankhwala sadutsa kawirikawiri. Vuto limakula pamene magazi akokedwa ndi sirinji n'kumagawidwa: nsonga ikakhudza mkati mwa kabotolo kapepo, imatengera EDTA kwina.

Choipitsitsa n'kutsanulira. Mtsempha wa mwana wavuta, magazi achepa m'kabotolo kofiira, ndiye wotenga magazi, pomvera chisoni mwanayo, amathiramo pang'ono kuchokera m'kapepo. Magazi amenewo sangayezedwenso mchere, ndipo mwanayo ayenera kubayidwa kachiwiri.