Agulugufe 12 pa Pepala Limodzi: Kuwerengera FFT ndi Pensulo

Foni ikajambula mawu, imasunga mndandanda wa manambala basi. Kuti mudziwe kuti m'mawuwo muli mafirikwensi ati, otsika kapena okwera, manambalawo amadutsa m'masamu otchedwa DFT. Manambala akakhala asanu ndi atatu, njira yachindunji imafuna kuchulukitsa ka 64. James Cooley ndi John Tukey anafalitsa njira yachidule mu 1965, yomwe timaitcha FFT, ndipo pa manambala omwewo imangofuna timasamu 12 totchedwa agulugufe, chifukwa mizere yake imapingasana ngati mapiko.

Gulugufe aliyense amalandira manambala awiri, yapamwamba a ndi yapansi b. Yapansiyo imayamba yachulukitsidwa ndi nambala yotembenuzira W, kenako pamwamba pamatuluka a + Wb, pansi a − Wb. Lamulo ndi lomweli paliponse. Ma W ofunika ndi anayi, ndipo j ndi nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka −1:

```
W0 = 1
W1 = 0.707 − 0.707j
W2 = −j
W3 = −0.707 − 0.707j
```

Tiyeni titenge 1, 2, 3, 4, 4, 3, 2, 1, ndipo malo ake tiwerenge kuyambira 0 mpaka 7. Mtundu wa FFT wotchedwa DIT umalekanitsa manambala a pa malo 0, 2, 4, 6 ndi a pa malo 1, 3, 5, 7, n'kugawanso gulu lililonse chimodzimodzi. Chifukwa cha ichi manambala salowa m'chithunzi momwe anabwerera. Lembani malo aliwonse m'bainale, muwerenge chobwerera: 1 ndi 001, chobwerera ndi 100, ndiye 4. Ndondomeko imakhala 0, 4, 2, 6, 1, 5, 3, 7, kotero kumanzere kwa pepala timalemba chotsika 1, 4, 3, 2, 2, 3, 4, 1.

Gawo loyamba n'lophweka, W ndi 1. Manambala oyandikana timawaphatikiza ndi kuwachotsera: 1 ndi 4 zipereka 5 ndi −3, ndipo mzere wonse utuluka 5, −3, 5, 1, 5, −1, 5, 3.

Pa gawo lachiwiri gulugufe amalumpha mzere umodzi. Mwa anayi apamwamba, 5 akumana ndi 5, zituluka 10 ndi 0. Koma −3 akumana ndi 1, ndipo 1 ayenera kuyamba wachulukitsidwa ndi −j, kotero tipeza −3 − j ndi −3 + j. Anayi apansi tiwachita zomwezo.

```
apamwamba: 10, −3 − j,  0, −3 + j
apansi:    10, −1 − 3j, 0, −1 + 3j
```

Gawo lachitatu limalumikiza nambala yoyamba yapamwamba ndi yoyamba yapansi, yachiwiri ndi yachiwiri, mpaka yachinayi, ma W akutsatana kuyambira W0. Agulugufe awiri savuta: X(0) = 20, pomwe X(4), X(2) ndi X(6) ndi 0. Thukuta lili pa W1. Musathamangire 0.707, muiike pambali kaye. Chulukitsani (1 − j) ndi (−1 − 3j), mukukumbukira kuti j kuchulukitsa j ndi −1, mupeza −4 − 2j. Tsopano bweretsani 0.707 ija, zikhala −2.828 − 1.414j. Kuphatikiza ndi −3 − j kupereka X(1) = −5.828 − 2.414j, kuchotsera kupereka X(5) = −0.172 + 0.414j. Gulugufe wa W3 apereka X(3) = −0.172 − 0.414j ndi X(7) = −5.828 + 2.414j.

Nanga mudziwa bwanji kuti simunaphonye? X(0) iyenera kufanana ndi manambala onse oyamba ataphatikizidwa, ndipo ndi 20 ndithu. Poti manambala athu analibe j, X(7) iyenera kufanana ndi X(1) kupatula chizindikiro cha j, chimodzimodzinso X(5) ndi X(3). Mukasokoneza chizindikiro pa gulugufe wa W1 kapena wa W3 m'gawo lachitatu, kufananaku kumatha.

Koma mayeso awiriwa ndimawakhulupirira pang'ono, chifukwa cholakwa chachikulu chimawadutsa. Munthu akaiwala kusanja manambala poyamba, n'kungolemba 1, 2, 3, 4, 4, 3, 2, 1, X(0) imatulukabe 20, kufanana kwa X(1) ndi X(7) kumakhalapobe, ndipo pa chitsanzo chathuchi ngakhale X(4) imakhalabe 0. Pepala limaoneka laukhondo pomwe yankho ndi la mndandanda wina. Chimene chimaulula ndi kuwerengera X(2) mwachindunji, zomwe sizifuna 0.707: chulukitsani manambala oyamba motsatana ndi 1, −j, −1, j, mubwereze kawiri, muphatikize. Zopanda j ndi 1 − 3 + 4 − 2, za j ndi −2 + 4 − 3 + 1, ndipo zonse ndi 0. Woiwala kusanja uja chithunzi chake chimamupatsa −4 − 4j pa X(2).