Kalata ya kholo yopempha kuti kiyibodi idikire chala cha mwana

Mtsikana wa Fomu 2 amene manja ake amanjenjemera akafuna kulemba mawu oti "madzi" pakompyuta, pasikirini pakhoza kutuluka "mmaaddzi". Iye amafufuta n'kuyambiranso, anzake ali kale pa ndime yachiwiri. Mphunzitsi akadutsa amaona zolakwika zokhazokha, ndipo mwina amaganiza kuti mwanayo sasamala. Chonsecho mwanayo amadziwa bwino kalembedwe ka mawuwo. Chimene chikuchitika n'chakuti chala chikagunda batani chimadumpha n'kuligundanso, ndipo kompyuta imawerenga kawiri.

Kunjenjemera kotere kumabwera pa zifukwa zosiyanasiyana. Kwa ena n'kwakumtundu, kwa ena kumayendera limodzi ndi vuto la muubongo limene anabadwa nalo, ndipo ena amanjenjemera chifukwa cha mankhwala, monga ena a mphumu ndi a khunyu. Kumakula mwana akatopa kapena akachita mantha, n'chifukwa chake tsiku la mayeso zinthu zimaipa kuposa masiku onse. Za chithandizo cha kuchipatala tiwasiyire adokotala. Chimene kholo lingapemphe kusukulu n'chaching'ono, ndipo sichilira ndalama: kompyuta iliyonse ya Windows ili kale ndi njira yochititsa kiyibodi kudikira chala. Njirayi imatchedwa Filter Keys, ndipo yakhalamo kuyambira pa Windows 95.

Kalata yongonena kuti "mwana wanga ali ndi vuto, muthandizeni" imamusiya mphunzitsi m'malere, ngakhale akhale wamtima wabwino chotani. Mkati mwa Filter Keys muli zosankha zitatu, ndipo chilichonse chimakonza cholakwika chakechake. Choncho ntchito yoyamba ya kholo ndi kukhala pambali pa mwana pamene akulemba, n'kukopera papepala ndendende zimene zatuluka pasikirini, osakonza kalikonse.

Zikatuluka "mmaaddzi", chala chikudumpha, ndipo chofunika ndi Bounce Keys, imene imauza kompyuta kuti batani lomwelo likagundidwanso mwamsanga isaliwerengere. Zikatuluka "maaaaadzi", mwanayo akukanikiza batani nthawi yaitali pofuna kukhazikitsa dzanja, ndiye chofunika ndi Repeat Keys, imene imachedwetsa kapena kuletseratu kubwereza kwa chilembo. Koma zikatuluka "mnadxzi", chala chikukhudza mabatani oyandikana nawo popita pa loyenera, pakuti N ali pafupi ndi M ndipo X ali pafupi ndi Z. Apa pamafunika Slow Keys, imene imalola batani lokhalo limene lakanikizidwa kwa kanthawi.

Tiyerekeze kuti mtsikana wathu uja vuto lake ndi loyambalo. Mayi ake akhoza kulemba motere:

"Aphunzitsi, ndakulemberani za mwana wanga amene mumamuphunzitsa kompyuta mu Fomu 2. Manja ake amanjenjemera, makamaka akatopa kapena akakhala pa mayeso. Akamalemba, zilembo zimatuluka ziwiriziwiri, monga mukuonera pa kapepala kamene ndaphatikiza. Chonde ndikupempha kuti pa kompyuta imene amagwiritsa ntchito mumutsegulire Filter Keys, musankhe Bounce Keys, muyambire pa theka la sekondi. Mumutsegulirenso Sticky Keys chifukwa amavutika kugwira mabatani awiri nthawi imodzi. Ngati makompyuta anu amabwerera mwakale akazimitsidwa, ndithandizeni kuti zimenezi zisamafufutike. Ndingakonde kuti muyese naye pamene anzake palibe, ndipo pakatha milungu iwiri tidzakambirane mmene zikuyendera. Zikomo kwambiri, ndine mayi ake."

Kalatayi siitchula dzina la matenda, ndipo sikofunika kutero. Mphunzitsi wa kompyuta akufuna kudziwa chimene chala chimachita, osati zonse za m'buku la kuchipatala. Ndimaona kuti makolo ambiri amaganiza kuti akapanda kuulula zonse sawamvera, koma kapepala ka "mmaaddzi" kaja n'kokwanira kumutsimikizira aliyense wodziwa ntchito yake.

Mphunzitsi akalandira kalatayo, pofikira pake m'pafupi. Akadina batani la Windows pamodzi ndi U, patseguka tsamba la zothandizira. Pa Windows 11 limatchedwa Accessibility, pa Windows 10 limatchedwa Ease of Access, ndipo monsemo asankhe Keyboard. Pali njira yachidule yogwira Shift wakumanja kwa masekondi 8, koma imeneyi ndi imene imasokoneza anthu. Filter Keys ikayatsidwa popanda kusintha zamkati, kompyuta imayamba kudikira kuti batani likanikizidwe sekondi yathunthu isanalembe chilembo. Munthu wogunda mwachizolowezi saona chilichonse pasikirini, ndipo amathamangira kunena kuti kiyibodi yafa. Kwa mwana amene vuto lake ndi kudumpha kwa chala, kudikira kumeneku kumangomuwonjezera mtolo. N'chifukwa chake kalata imatchula Bounce Keys ndi dzina, imatchulanso nthawi.

Nthawiyo nayonso ili ndi malire ake. Kompyuta sidziwa kusiyanitsa chala chimene chadumpha ndi chala chimene chagunda kawiri mwadala. Mukaika masekondi awiri, mwana akalemba "mmene" padzatuluka "mene", akalemba 100 padzatuluka 10, ndipo pa masamu cholakwika chimenecho n'chachikulu kuposa chimene tinayamba nacho. Ngakhale Backspace amayamba kuuma, chifukwa nayenso ndi batani logundidwa mobwereza. Ndiye yambani ndi theka la sekondi, mwanayo alembe chiganizo chokhala ndi "mmene" ndi 100. Zilembo zikamatulukabe ziwiriziwiri, onjezerani pang'ono. Zilembo zofunika zikayamba kusowa, mwapitirira muyeso, bwererani m'mbuyo. Mwanayo nayenso aphunzire kupuma pang'ono pakati pa zilembo ziwiri zofanana.

Sticky Keys ndi yosavuta. Imayatsidwa podina Shift kasanu, ndipo imalola mwana kudina Shift, kumusiya, kenako n'kudina chilembo kuti chituluke chachikulu. Chimodzimodzi Ctrl kenako S posunga ntchito yake.

Chimene chimagwetsa ulesi mabanja ambiri ndi cha mawa lake. Windows amasunga zosankhazi pa akaunti ya munthu amene walowa. M'chipinda cha makompyuta cha kusukulu, kawirikawiri ana onse amalowera pa akaunti imodzi, ndiye wobwera pambuyo akaona kiyibodi ikuchita zachilendo amazimitsa zonse. Kwina makompyuta anaikidwa pulogalamu yofufuta zosintha zonse akangozimitsidwa, kuti ana asawononge. Njira yabwino ndi kumutsegulira mwanayo akaunti yakeyake pa kompyuta imodzi yodziwika, ndipo ngati pali pulogalamu yofufutayo, woyang'anira makompyuta aimitse kaye, asinthe, kenako aibwezeretse. Zikakanika zonsezi, mwanayo alembe m'kope mwake njira yonse ndi nthawi imene inamuyenera, kuti azitha kudzitsegulira yekha phunziro likamayamba.

Pempho loti ayese pamene anzake palibe lisatengedwe mopepuka. Mwana wa msinkhu umenewu akaimiriridwa ndi kalasi yonse, manja amanjenjemera kwambiri, ndipo nthawi imene mungasankhe pamenepo idzakhala yaitali kuposa imene amafunikira tsiku ndi tsiku. Pa kukumana kwa pakatha milungu iwiri, mayi abwere ndi kapepala koyamba kaja, mphunzitsi amupatse mwanayo chiganizo chomwecho kuti alembenso, awerenge zolakwika ndi mphindi zimene zatha. Afunsenso pomwepo ngati kompyuta yomweyo ndi akaunti yomweyo ndi zimene adzagwiritse ntchito pa mayeso a kumapeto kwa teremu, chifukwa ngati si zomwezo, zosankhazi ziyenera kuikidwanso pa kompyuta ya mayesoyo tsikulo lisanafike.