Kulumikiza kompyuta koyamba: ntchito imayambira patebulo

Ambiri akagula zipangizo za kompyuta amathamangira kumanga bolodi lalikulu m'bokosi lake lachitsulo, kenako n'kumavutika kulowetsa zala m'malo opanikizika. Yambirani patebulo. Goneketsani bolodilo pamwamba pa katoni imene linabweramo, ndipo musanagwire chilichonse khudzani kaye chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke.

Tinene kuti mwagula purosesa ya Ryzen 5 5600 ndi bolodi la B550. Choyamba kulowa ndi purosesa. Kwezani kachitsulo ka m'mbali mwa soketi, ndipo kachizindikiro ka makona atatu kamene kali pangodya ya purosesa kayang'anizane ndi kanzake ka pasoketi. Ikalunjika bwino imagweramo yokha. Ikakana musaikanikize ngakhale pang'ono, chifukwa timano take takunsi ndi topyapyala ngati singano, ndipo kamodzi kokha kakathyoka purosesa yonse ikhoza kufa.

Ramu ndiye imafuna mphamvu. Bolodi ili limalandira DDR4 yokha. Ngati timitengo ta ramu tili tiwiri, kawirikawiri timalowa m'mipata ya A2 ndi B2, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa. Kanikizani mpaka mutamva kuti thwa! Chosungira mafayilo cha M.2 chilowetseni mopendekeka, muchigoneke n'kuchimanga. Kenako pabwere choziziritsa. Chimene chimabwera ndi purosesayi chimakhala chopakidwa kale phala lotulutsa kutentha, choncho musawonjezere lina. Mangani masikuluwu ake mopingasa, pang'onopang'ono, ndipo waya wa fani ulowe polembedwa CPU_FAN.

Apa m'pamene bokosi limafunika. Onetsetsani kuti timiyendo tachitsulo tokhazikapo bolodi tili pamabowo a bolodilo pokha, poti kamodzi kotsalira pena kangagunditse magetsi kunsi kwake. Kachitsulo kotchinga madoko a kumbuyo kalowe bolodi lisanalowe. Mukakaiwala mudzamasulanso zonse.

Bokosi logawa magetsi likamangidwa, mawaya ofunika ndi awiri: wamkulu wa mano 24, ndi wa mano 8 wopita pangodya ya kumtunda, pafupi ndi purosesa. Wachiwiriyu ndi amene amaiwalika kwambiri. Kawaya ka batani loyatsira, kolembedwa POWER SW, kalowetseni motsatira chithunzi cha m'kabuku ka bolodi. Khadi la zithunzi libwere pomalizira, chifukwa likalowa msanga limatchinga manja.

Mukayatsa mafani n'kuzungulira koma sikirini ili bii, musachite mantha. Purosesa ya 5600 siitulutsa zithunzi payokha, motero waya wa sikirini uyenera kulowa pakhadi la zithunzi, osati pabolodi. Ngati uli pomwepo, zulani pulagi kukhoma, muchotse ramu n'kuibwezeranso mwamphamvu. Chithunzi chikabwera dinani Del kuti mulowe mu BIOS, muone ngati ramu yonse ndi chosungira mafayilo zikuoneka musanatseke chivindikiro.