Loboti yosankha tomato: zoyenera kunena pa chionetsero cha sayansi

Mwana wasukulu akaimirira pambali pa loboti yosankha tomato, asauze anthu kuti makinawo amadziwa tomato. Anene zoona zake: kamera imaona kadontho kalikonse ka chithunzi ngati manambala atatu, a kufiira, kubiriwira ndi kamtambo, kuyambira 0 mpaka 255.

Kuphunzira kwake kumayamba ndi anthu. Amajambula tomato wambiri, n'kulemba pa chithunzi chilichonse kuti "wakupsa" kapena "wosapsa". Kompyuta imayamba ndi kulota chabe. Ikaphonya, imasintha pang'ono manambala ake amkati, n'kuyesanso kambirimbiri mpaka zophonya zichepe. Zithunzi zina amazibisa dala, kuti adzaiyese nazo ngati mayeso omwe sinawaonepo.

Apa mpamene pali nkhani yokoma, ndipo wolankhula asathamangirepo. Tiyerekeze kuti tomato yense wakupsa anamujambula m'beseni lofiira, wosapsa pa udzu. Lobotiyo iphunzira beseni, osati tomato! Kuti omvera aone okha, ikani tomato wobiriwira m'beseni lija. Mkono wake ukamukankhira kwa akupsa, vuto lapezeka. Mankhwala ake ndi kujambulanso m'malo osiyanasiyana, padzuwa ndi pamthunzi pomwe.

Avomerenso kuti kamera imaona khungu lokha. Tomato wofiira bwino koma woola mkati amadutsa.