Kuphwanya Fulakishoni: Werengani Zilembo Musanayambe Kusova

Mwana wa ku pulayimale akaphatikiza 1/3 ndi 1/4 amapeza 7/12. Koma mutamupatsa 7/12 n'kumufunsa kuti yachokera pa mafulakishoni ati, amayamba wakanda m'mutu kaye. Ulendo wobwerera m'mbuyowu ndi umene umatchedwa kuphwanya fulakishoni m'zidutswa, ndipo ophunzira masamu ndi uinjiniya amakumana nawo akangoyamba maphunziro apamwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko pamwamba ndi pansi pa fulakishoni pamakhala chilembo x, osati manambala okhaokha.

Pansi pakakhala mabulaketi osiyana, monga (x − 1)(x + 2), ntchito sivuta: bulaketi iliyonse imatenga chidutswa chake, A/(x − 1) ndi B/(x + 2), basi. Pamene ambiri amapunthwa ndi pawiri: bulaketi ikabwerezedwa, monga (x − 1)², komanso pakapezeka chigawo chokana kuphwanyika, monga x² + 1. Ndipo kawirikawiri chimalakwika si kuwerengetsa ayi. Munthu amakhala atalakwitsa kale mzere woyamba, polemba maonekedwe a zidutswazo.

Tiyambe ndi bulaketi yobwerezedwa. Nambala 12 ndi 3 × 2 × 2, kutanthauza kuti 2 wabwera kawiri. Mutayesa kupanga 7/12 ndi mafulakishoni okhala ndi 2 kapena 3 pansi, mudzatopa pachabe, chifukwa kuphatikiza kapena kuchotsera zoterozo kumangobala mafulakishoni a 6 pansi. Kuti 12 atuluke pafunika chidutswa chokhala ndi 4. Pa zilembo n'chimodzimodzi, koma pali chowonjezera. Taonani x/(x − 1)². Popeza x ndi yofanana ndi (x − 1) + 1, tikagawa mbali ziwirizi payekhapayekha tipeza

x/(x − 1)² = 1/(x − 1) + 1/(x − 1)²

Bulaketi imodzi yabala zidutswa ziwiri. Lamulo lake ndi limenelo: bulaketi ikabwera kawiri imafuna A/(x − 1) ndi B/(x − 1)²; ikabwera katatu muwonjezera chachitatu chokhala ndi (x − 1)³ pansi. Simudumpha sitepe.

Chigawo chokana kuphwanyika chili ndi khalidwe lina. Mawu ngati x² − 4 amaphwanyika kukhala (x − 2)(x + 2) chifukwa pali manambala, 2 ndi −2, amene amawasandutsa ziro. Koma x² + 1 sangakhale ziro, pakuti nambala iliyonse ikadzichulukitsa yokha sitsika pansi pa ziro, ndiye mukawonjezerapo 1 yankho silichepera 1. Maso okha amanamiza, choncho pali choyesera. Pa ax² + bx + c, werengetsani b² − 4ac. Yankho likakhala lochepera ziro, chigawocho n'chosaphwanyika. Pa x² + 1 timapeza −4. Likakhala ziro, ndiye kuti ndi bulaketi yobwerezedwa yomwe yangobisala: x² + 2x + 1 ndi (x + 1)². Likaposa ziro chimaphwanyika ndithu, ngakhale manambala ake atakhala osasangalatsa ngati √2 wa mu x² − 2.

Pamwamba pa chigawo chosaphwanyika sipakhala chilembo chimodzi koma Cx + D. Chifukwa chake n'chomwe chija cha masamu a kugawa: mukagawa ndi 5, chotsala chikhoza kukhala nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 4, ndipo mukagawa ndi mawu okhala ndi x², chotsala chikhoza kukhala ndi x komanso nambala wamba. Kulemba D yekha n'kugamula mlandu musanamve mboni.

Tsopano tisove chitsanzo chokhala ndi mavuto onse awiri:

(3x³ − x² + x + 3) / ((x − 1)²(x² + 1))

Choyamba yang'anani mphamvu yaikulu ya x. Pamwamba ndi 3. Pansi, mabulaketi onse atachulukitsidwa, ndi 4. Yapamwamba ikhale yocheperapo nthawi zonse. Ikafanana ndi yapansi kapena kuiposa, gawani kaye monga timagawira manambala aatali, kenako muphwanye chotsala chokhacho. Pano zili bwino, ndiye tilemba

A/(x − 1) + B/(x − 1)² + (Cx + D)/(x² + 1)

Imani pomwepa muwerenge zilembo. Zilipo zinayi, ndipo mphamvu ya pansi ndi 4. Manambala awiriwa ayenera kufanana pa funso lililonse la mtundu uwu. Kwa ine palibe chizolowezi china m'phunziroli chopulumutsa malikisi kuposa ichi, ndipo sichitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Sikuti zimangochitika mwamwayi. Pansi pakakhala mphamvu 4, pamwamba pamakhala malo anayi oti afanane: a x³, a x², a x, ndi a nambala wamba. Malo anayi amapereka maikweshoni anayi, ndipo maikweshoni anayi amafuna zilembo zinayi.

Tichulukitse mbali zonse ndi za pansi kuti mafulakishoni achoke:

3x³ − x² + x + 3 = A(x − 1)(x² + 1) + B(x² + 1) + (Cx + D)(x − 1)²

Kufanana kumeneku n'koona pa x aliyense, choncho tili ndi ufulu wosankha amene atichepetsere ntchito. Tikaika x = 1, chilichonse chokhala ndi (x − 1) chimafa. Kumanzere kutsala 3 − 1 + 1 + 3, yomwe ndi 6, kumanja kutsala 2B. Ndiye B = 3.

Njira yachiduleyi, imene imadziwika ndi dzina la Oliver Heaviside, katswiri wa zamagetsi wa ku England, imathera pomwepa. Pa bulaketi yobwerezedwa imangopereka chilembo cha mphamvu yaikulu, pomwe A amafera limodzi ndi anzake. Kwa x² + 1 kulibe nambala wamba yomupha. Zilembo zitatu zotsalazo tizipeza potsegula mabulaketi ndi kufananitsa malo ndi malo.

Bulaketi ya A ikatseguka ipereka x³ − x² + x − 1, ndipo (x − 1)² ndi x² − 2x + 1. Tikasonkhanitsa zofanana, maikweshoni athu ndi awa:

x³: A + C = 3
x²: −A + B − 2C + D = −1
x: A + C − 2D = 1
nambala wamba: −A + B + D = 3

Osathamangira kusova motsata ndondomeko. Yang'anani kaye pofewa. Ikweshoni yoyamba yati A + C ndi 3, ndipo A + C yemweyo ali mu yachitatu. Choncho 3 − 2D = 1, kutanthauza kuti D = 1. Mu yachinayi, −A + 3 + 1 = 3, ndiye A = 1. Pamenepo C = 2. Yankho lathu ndi

1/(x − 1) + 3/(x − 1)² + (2x + 1)/(x² + 1)

Ikweshoni yachiwiri sitinaigwiritse ntchito, popeza B tinamupeza mwachidule, ndiye yasanduka mboni yaulere. Ikani manambala: −1 + 3 − 4 + 1 ndi −1, monga mmene ikufunira.

Nanga munthu akaiwala chidutswa chimodzi chimachitika n'chiyani? Tiyerekeze kuti wasiya A/(x − 1), poganiza kuti B/(x − 1)² akwanira. B adzatuluka 3 monga kale. Malo a x³ adzapereka C = 3, a x adzapereka D = 1, ndipo zonse zidzaoneka ngati zikuyenda. Koma pa nambala wamba, B + D ayenera kukhala 3, pamene iye ali ndi 4. Wina amene walemba D yekha pamwamba pa x² + 1 adzapeza A = 3 ndi D = 1, kenako ikweshoni yomaliza idzamuuza kuti 1 = 3. Zikafika potere ophunzira ambiri amabwereza kuwerengetsa mpaka pepala kuda, kufunafuna pamene anataya chizindikiro cha kuchotsera. Si kumeneko. Maikweshoni akayamba kutsutsana, pitani kaye ku mzere woyamba mukawerenge zilembo.

Choopsa kwambiri n'chakuti amene wasiya chilembo akhoza osaona kutsutsanako. Ali ndi zilembo zitatu, amasova maikweshoni atatu, n'kuleka, yachinayi osaiyang'ana. Mankhwala ake ndi kuyesa yankho ndi nambala imene simunaigwiritsepo ntchito. Pa x = 2, fulakishoni yoyamba ija ipereka 25/5, yomwe ndi 5, ndipo zidutswa zathu zipereka 1 + 3 + 1. Zagwirizana.

Wina afunsa kuti kodi padzafunika lamulo lina la zigawo zosaphwanyika za x³ kapena x⁴? Ayi. Mawu alionse otere, okhala ndi manambala wamba, amaphwanyika mpaka kutsala mabulaketi a x ndi a x² okha. Izi zinavutapo ngakhale akatswiri. Gottfried Leibniz ndi Johann Bernoulli, aliyense payekha, anafotokoza njira yophwanya mafulakishoniyi mu 1702, koma Leibniz ankakhulupirira kuti mawu a mtundu wa x⁴ + 4 saphwanyika motero. Amaphwanyika: ndi (x² + 2x + 2)(x² − 2x + 2), ndipo mukhoza kutsimikiza nokha pochulukitsa. Carl Friedrich Gauss analemba umboni wake woyamba wa lamuloli mu 1799. Chigawo chosaphwanyika chikabwerezedwa, monga (x² + 1)², malamulo awiri aja amangogwira ntchito pamodzi: zidutswa ziwiri, chilichonse ndi zilembo ziwiri pamwamba.

Akatswiriwa ankavutikira izi chifukwa cha kalikulasi. Fulakishoni yathu ili yathunthu ilibe poigwira pochita intigireshoni, koma zidutswa zake chilichonse chili ndi yankho lodziwika: ln|x − 1| − 3/(x − 1) + ln(x² + 1) + arctan x, kuwonjezerapo nambala yosasintha. Mainjiniya nawo amawerenga khalidwe la makina m'mabulaketi omwewa. Pa masamu a sipuling'i ya galimoto ndi chida choiletsa kudumphadumpha, chigawo chosaphwanyika chimasonyeza kuti galimoto ikagunda dzenje idzayendera m'mwamba ndi pansi kangapo isanakhazikike. Bulaketi yobwerezedwa ndi malire enieni pamene kudumphako kumalekera.

Yesani nokha 4/((x − 1)²(x² + 1)). Lembani zilembo zonse zinayi ngakhale pamwamba pali 4 yekha. Mupeza B = 2, A = −2, C = 2, ndipo D atuluka ziro. Musadabwe nazo: chilembo chimaloledwa kukhala ziro, bola masamu ndiwo anene, osati inu. Mukamaliza, yesani yankho lanu pa x = 2; mbali zonse zipereke 4/5.