Zilembo za m'mbali mwa tayala zimaulula komwe linapangidwa

Wogulitsa matayala ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Limbe akaona kuti wogula akukayika, amasisita dzina la kampani lomwe lalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu n'kunena kuti, “Bwana, ili ndi la ku Japan lenileni.” Wogula amagwedeza mutu n'kutulutsa ndalama. Nthawi zambiri onse awiri amakhala atadalira dzina lokha. Koma dzina limangonena mwini wa chizindikiro, silinena dziko lomwe tayalalo linaumbidwa. Bridgestone ndi kampani ya ku Japan, komabe ili ndi mafakitale ku Thailand, ku Indonesia ndiponso ku Brits m'dziko la South Africa. Michelin ndi ya ku France, koma matayala ake ambirimbiri amapangidwa ku America ndi ku Thailand. Continental ya ku Germany imapanga ena ku Gqeberha, mzinda womwe kale unkatchedwa Port Elizabeth.

Yankho lenileni lili mmunsi, pafupi ndi rimu, pamene anthu ambiri sayang'anako. Pamenepo pali mzere wa zilembo ndi manambala ang'onoang'ono woyamba ndi `DOT`. Zilembo zitatuzi zikuimira unduna woona za mtengatenga wa dziko la America. Kuyambira mu 1971, malamulo a dzikolo amafuna kuti tayala lililonse logulitsidwa kumeneko likhale ndi nambala yosonyeza fakitale ndi nthawi yomwe linapangidwa, kuti likapezeka ndi vuto lizitha kulondoledwa. Poti msika wa ku America ndi waukulu, mafakitale a m'maiko ambiri analembetsa, ndipo zilembozo amaziika m'zikombole zoumbira matayala ngakhale ena mwa matayalawo akupita kwina. N'chifukwa chake nambala ya boma la America imapezeka pa tayala la minibasi ya ku Ndirande.

Tayala lina lingakhale ndi mzere wotere, womwe zilembo zake zapakati n'zongoyerekezera:

```
DOT M6 V1 JK2R 2319
```

Zilembo ziwiri zoyamba pambuyo pa `DOT` ndizo chizindikiro cha fakitale. Apa pali `M6`, yomwe ndi fakitale ya Goodyear ya ku Lawton, m'chigawo cha Oklahoma ku America. Ziwiri zotsatira zimanena za kukula kwa tayala, ndipo gulu lachitatu ndi la kampani yokha, limene imalembapo mtundu wa tayalalo m'njira yomwe imaidziwa iyo mwini. Wogula wamba alibe nazo ntchito zimenezi. Manambala anayi omaliza ndi tsiku lobadwa: `2319` akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019, yomwe ili m'mwezi wa Juni. Pa matayala ena zilembozi zimalembedwa mothithikana popanda mipata, koma dongosolo lake ndi lomweli.

Chovuta n'chakuti chizindikiro cha fakitale sichidule cha dzina la dziko. Munthu sangachimasulire ndi nzeru za m'mutu. Wina ataona `CH` angathamangire kunena kuti ndi la ku China, pamene chizindikirochi chinaperekedwa kwa fakitale ya Pirelli ya ku Hanford, ku California. `UP` ndi fakitale ya Cooper ya ku Findlay, ku Ohio. `B3` ndi ya Michelin ku Bridgewater, m'dziko la Canada, pamene `B9`, yomwe ikuoneka ngati mbale wake, ndi ya Michelin yomweyo ku Lexington, ku South Carolina. Kampani ndi imodzi, chilembo choyamba n'chimodzi, koma maiko ndi awiri.

Choncho pamafunika mndandanda. Bungwe lomwe limagawa zizindikirozi ndi la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, lotchedwa `NHTSA`, ndipo kaundula wake ali pa intaneti, pa `vpic.nhtsa.dot.gov`, pomwe aliyense angafufuze kwaulere. Munthu akalemba chizindikirocho, pamatuluka dzina la kampani, mzinda ndi dziko. Wokhala ndi foni ndi kabandulo kochepa angachite zimenezi ataima pomwepo pa mulu wa matayala, wogulitsa akuonerera.

Koma asanafike pa kaundulayo ayenera kuwerenga molondola, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Zilembozo n'zakuda pa mphira wakuda, zimadzaza fumbi ndi matope, ndipo pa tayala lakale zimakhala zitakhulika. Kupukuta ndi kansanza konyowa kenako n'kupakapo choko kumazionetsa bwino. Chinanso chothandiza n'chakuti pali zilembo zisanu ndi chimodzi zomwe lamulo silizilola mu nambalayi poopa kuti zingasokonezedwe ndi zina: `G`, `I`, `O`, `Q`, `S` ndi `Z`. Ndiye chimene chikuoneka ngati `O` ndi ziro, chooneka ngati `S` ndi 5, ndipo chooneka ngati `I` ndi 1. Kungodziwa zimenezi kumachepetsa zolakwika.

Msampha wachiwiri ndi watsopano. Mafakitale atachuluka, makamaka ku Asia, zizindikiro za zilembo ziwiri zinayamba kutha. Mu 2015 boma la America linalamula kuti chizindikiro cha fakitale chikhale cha zilembo zitatu, ndipo linapatsa makampani zaka khumi, mpaka Epulo 2025, kuti asinthe zikombole zawo. Mafakitale akale anangoonjezera 1 kutsogolo kwa chizindikiro chawo. Fakitale ya ku Lawton ija tsopano ndi `1M6`:

```
DOT 1M6 V1JK2R 0824
```

Wozolowera kachitidwe kakale angatenge `1M` n'kukafufuza, ndipo kaundula angamupatse fakitale ina ya kutali kapena osamupatsa chilichonse. Njira yosiyanitsira ndi kuwerenga chiwerengero cha zilembo zonse pambuyo pa `DOT`. Zikakwana 13, ndiye kuti zitatu zoyamba ndi za fakitale, zisanu ndi chimodzi zapakati ndi za kampani, ndipo zinayi zomaliza ndi sabata ndi chaka. Zikachepera apo, ndi dongosolo lakale la zilembo ziwiri. Pa misika ya kuno, komwe matayala atsopano ndi a kaunjika amaunjikidwa malo amodzi, mitundu iwiriyi izipezeka limodzi kwa zaka zambiri ndithu.

Ngati mzerewo ukuoneka waufupi ndipo ulibe manambala anayi kumapeto, si kuti tayalalo ndi lachinyengo. Nambala yonse imalembedwa mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo imangokhala ndi chiyambi chake. Pofuna dziko, chiyambicho n'chokwanira. Pofuna zaka, tayala liyenera kutembenuzidwa, kapena munthu agwade n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. Likapezeka ndi manambala atatu okha kumapeto, linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike, ndipo malo ake oyenera ndi kwa osoka nkhwaira, osati pamsewu.

Palinso chizindikiro china chomwe chimanamiza anthu kuposa zonsezi. Ndi kamzere kozungulira komwe mkati mwake muli chilembo `E` ndi nambala. `E4` ndi Netherlands, `E1` ndi Germany, `E11` ndi Britain, `E13` ndi Luxembourg. Manambalawa akuimiradi maiko, ndipo wogulitsa wochenjera akhoza kuloza `E4` n'kunena kuti katunduyo ndi wa ku Ulaya. Koma dziko lotchulidwapo ndi lomwe linapereka chiphaso chovomereza mtundu wa tayalalo, osati lomwe linaliumba. Matayala ochuluka opangidwa ku China, ku India ndi ku Thailand ali ndi `E4` chifukwa makampani ake anakatenga chiphaso ku Netherlands. Palibe chinyengo pamenepo, bola munthu adziwe chomwe chizindikirocho chikunena.

Phindu la chizindikiro cha fakitale linaoneka poyera m'chaka cha 2000. Magalimoto a Ford Explorer ku America ankagubuduzika chifukwa mphira wakunja wa matayala a Firestone unkasendeka galimoto ili pa liwiro, makamaka m'madera otentha, ndipo anthu ambiri anafa. Pa 9 Ogasiti chaka chimenecho kampaniyo inaitanitsa matayala pafupifupi 6.5 miliyoni a saizi ya `P235/75R15`. A mtundu wa ATX ndi ATX II anaitanitsidwa onse, koma a Wilderness AT anaitanitsidwa okhawo opangidwa ku fakitale ya ku Decatur, m'chigawo cha Illinois. Matayala awiri a dzina limodzi, saizi imodzi ndi mapanga ofanana ankatha kukhala pa galimoto imodzi, lina loitanitsidwa, lina ayi. Eni magalimoto ankagwada n'kufufuza zilembo ziwiri, `VD`, chizindikiro cha Decatur. Lokhala ndi `W2`, la ku Wilson ku North Carolina, silinali m'gulu loyambalo. Fakitale ya ku Decatur inatsekedwa kumapeto kwa 2001.

Nkhani imeneyi ikuonetsanso malire a funso loti “lapangidwa kuti?” Fakitale yomwe inadzudzulidwa kwambiri inali ku America komweko, osati kudziko losauka. Dziko palokha silitsimikizira ubwino wa tayala. Ku China kuli mafakitale a makampani otchuka padziko lonse, kulinso ena opanga matayala otsika mtengo omwe satha miyezi ingapo pa msewu wa maenje. Chomwe chizindikiro chimathandiza ndi kuyesa mawu a wogulitsa, ndi kuona ngati zolembedwa pa tayala zikugwirizana. Tayala likalembedwa `MADE IN JAPAN` pamene kaundula akuloza fakitale ya dziko lina ndi kampani yosagwirizana ndi dzinalo, mpofunika kulisiya. Koma kusiyana kwa dzina lokha si umboni wa chinyengo, chifukwa makampani amapangitsa matayala awo ku mafakitale a anzawo, ndipo mafakitale amagulitsidwa. Dzina la Dunlop, mwachitsanzo, lakhala ndi eni osiyanasiyana m'madera osiyanasiyana, ndipo ku Ladysmith ku South Africa matayala a dzinali amapangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Sumitomo.

Chizindikirocho sichinenanso komwe mphira unachokera. Wambiri wa m'mitengo umachokera ku Thailand, ku Indonesia ndi ku Côte d'Ivoire, ndipo ngakhale utomoni wa ku Vizara ku Nkhata Bay utalowa m'tayala, sungatchulidwe m'mbali mwake.

Ndiye pali matayala omwe alibiretu `DOT`. Eni magalimoto ochokera ku Japan, omwe adzaza misewu ya Malawi ndi Zambia, amakumana nazo kawirikawiri. Matayala opangira msika wa ku Japan sakakamizidwa kutsatira lamulo la ku America, choncho ambiri amangokhala ndi nambala ya kampani yothera ndi manambala anayi a sabata ndi chaka, komanso mawu onena dziko. Zilembo zoyambirira za nambala yoteroyo siziyenera kufufuzidwa m'kaundula wa ku America, chifukwa yankho lake lingasocheretse. Pamenepo mawu a `MADE IN` ndiwo otsala, ndipo manambala a chaka ndiwo ofunika kwambiri: galimoto yobwera itayenda pang'ono imatha kukhala ndi matayala a mapanga akuya koma okalamba, ong'alukang'aluka m'mbali. Opanga magalimoto ena amati tayala lisinthidwe likakwana zaka zisanu ndi chimodzi, pamene makampani akuluakulu a matayala amaika malire pa zaka khumi, kuphatikizapo la sipeya lomwe silinapondepo msewu.